Purovedori wa Chilungamo si woweruza milandu: nanga amathandiza bwanji?

Mwina zinakuchitikiranipo. Mwadzuka m'mamawa kukuzizira, mwasiya khasu, mwakwera njinga kapena shapa kupita ku Ulongwe. Mwafika pa ofesi ya boma, mwakhala pa benchi mpaka dzuwa lafika pamutu. Kenako munthu wa pa windo akungoti, "Mubwere mawa." Mawa lake akuti, "Shefi kulibe." Mwezi wotsatira akuti, "Mapepala anu sakuoneka."

Palibe amene wakumenyani. Palibe amene wakuberani poyera. Koma mwataya ndalama zoyendera, mwataya masiku a kumunda, ndipo chimene mumafuna simunachipeze. Kodi nkhani yotereyi mungapite nayo kuti?

Dziko lathu la Mozambiki lili ndi munthu amene anaikidwa kuti azimva madandaulo amtundu umenewu. Dzina la udindo wake pa Chipwitikizi ndi Provedor de Justiça. Muno tizingomutchula kuti Purovedori. Anthu ambiri akamva za iye amaganiza kuti ndi woweruza wamkulu woposa makhoti. Si choncho ayi. Khoti limalamula. Purovedori amafufuza, n'kulangiza. Mukamvetsa kusiyana kumeneku, mudzadziwa khomo loyenera kugogoda, ndipo simudzataya nkhani yanu chifukwa chodikira malo olakwika.

Purovedori ndi ndani?

Udindowu si wachilendo padziko lapansi. Unayamba ku Sweden m'chaka cha 1809. Aphungu a kumeneko ankafuna munthu woti aziyang'anira ngati ogwira ntchito za boma akutsata malamulo. Mayiko ambiri anatengera nzeru imeneyi. Anzathu a ku Malawi amamutcha Ombudsman.

Kuno kwathu, udindowu unalembedwa m'Malamulo Aakulu a dziko a chaka cha 2004. M'chaka cha 2006 kunatuluka lamulo nambala 7/2006, lofotokoza kagwiridwe kake ka ntchito. Koma mpando unakhala wopanda munthu kwa zaka zingapo. Purovedori woyamba, a José Abudo, anasankhidwa m'chaka cha 2012. Wachiwiri, a Isaque Chande, anasankhidwa m'chaka cha 2018.

Amene amasankha Purovedori ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo ku Maputo. Kuti munthu apambane, pamafunika aphungu awiri mwa atatu aliwonse. Ndiye kuti pa aphungu 250, pafunika 167 ovomereza. Anaika chiwerengero chachikulu chonchi kuti munthuyo akhale wokhulupirika kwa anthu ambiri. Amagwira ntchito zaka zisanu. Malamulo Aakulu amanena kuti azikhala woima payekha, wosakondera, womvera malamulo okha basi. Chaka chilichonse amapita ku Nyumba ya Malamulo kukafotokoza zimene wapeza.

Amayang'anira chiyani?

Ntchito yake ndi kuona mmene maofesi a boma akuchitira ndi anthu. Apa tikunena maofesi a ku likulu, a chigawo, a boma laling'ono ngati lathu la Angónia, ndi a munisipiyo. Tikunenanso apolisi, ndende, zipatala ndi sukulu za boma, komanso makampani a boma.

Chimene amafufuza ndi kuyendetsa ntchito molakwika. Mawuwa akutanthauza kuti ofesi yalephera kuchita zimene inayenera kuchita, kapena yachita mopanda chilungamo. Nazi zitsanzo.

Ofesi yachedwetsa pempho lanu kwa nthawi yaitali popanda chifukwa. Ofesi yataya mapepala anu. Mwalemba kalata, koma palibe yankho. Akukanizani chinthu osakuuzani chifukwa chake. Mnzanu amene anabwera pambuyo panu wathandizidwa chifukwa ndi m'bale wa shefi. Akuuzani zolakwika, inu n'kuwononga ndalama pachabe.

Taonani kuti zambiri mwa izi si milandu yomangitsa munthu. Ndi zolakwa zimene zimadya munthu pang'onopang'ono, ngati anankafumbwe m'nkhokwe. Komatu malamulo amaziletsa. Pali lamulo nambala 14/2011, limene limauza maofesi a boma kuti aziyankha mapempho a anthu pa nthawi yake, ndiponso kuti akakana pempho azifotokoza zifukwa. Kotero yankho la ofesi si mphatso. Ndi ufulu wanu.

Tsopano nazi nkhani zimene si zake. Ngati mwakangana ndi mnansi wanu pa malire a dimba la mbatatesi, imeneyo ndi nkhani ya anthu awiri. Ipite kwa anyakwawa, kwa amfumu, ku bwalo la m'mudzi kapena ku khoti. Ngati wogula soya wathawa ndi ndalama zanu, pitani kupolisi. Ngati khoti laweruza kale ndipo inu simunakondwe, Purovedori sangasinthe chigamulo cha woweruza. Njira yake ndi kuchita apilo ku khoti lalikulu. Koma ngati mlandu wangokhala m'khoti zaka zambiri osayenda, kuchedwako mukhoza kukudandaula kwa iye.

Tiyeni titsate nkhani imodzi

Kuti timvetse bwino, tiyerekeze nkhani iyi. Si ya munthu weniweni, koma yofanana nayo mwina munaimvapo.

Mayi wina amakhala cha ku Domwe. Amuna awo ankagwira ntchito ya boma, ndipo anamwalira. Mayiwa anauzidwa kuti ali ndi ufulu wolandira penshoni ya amasiye. Anasonkhanitsa mapepala onse amene anawauza: chikalata cha imfa, chiphaso chawo, mapepala a ukwati ndi a ana. Anakapereka ku ofesi yoyenera m'mwezi wachitatu. Papita zaka ziwiri. Apitako maulendo khumi ndi awiri. Palibe ndalama, palibe kalata, palibe ngakhale mawu akuti "ayi".

Chinthu choyamba chimene chingawapulumutse ndi kapepala kakang'ono. Tsiku limene ankapereka mapepala, mwana wawo anapempha kuti pa fotokope ya pempholo adindepo chidindo, alembepo tsiku ndi kusainira. Fotokope imeneyo anaisunga m'pepala la pulasitiki m'sutikesi. Popanda iyo, ofesi ikanatha kunena kuti, "Amayiwa sitinawaonepo." Ndiye phunziro loyamba ndi ili: musamapereke pepala ku ofesi n'kubwerako chimanjamanja. Pemphani umboni woti alandira.

Chachiwiri, mayiwa alemba kalata yaifupi kwa mkulu wa ofesi yomweyo, kufunsa pamene pempho lawo lafika. Apanso asunga fotokope yodindidwa. Kutereku n'kwanzeru. Nthawi zina mkuluyo sadziwa n'komwe zimene zikuchitika pa windo, ndipo nkhani imathera pomwepo. Ikapanda kutha, umboni wakula: tsopano ali ndi mapepala awiri osonyeza kuti anayesetsa.

Papita miyezi ina iwiri, kuli zii. Apa tsopano ndi pamene akutengera dandaulo kwa Purovedori.

Kudandaula kwake n'kotani?

Salipira ndalama. Safunika loya. Dandaulo likhoza kukhala lolemba, likhozanso kukhala lapakamwa, wina n'kulilemba. Munthu akhoza kudandaula yekha, kapena anthu angapo a vuto limodzi akhoza kudandaulira pamodzi.

Ofesi yaikulu ya Purovedori ili ku Maputo, kutali kwambiri ndi kuno. Koma kalata imayenda pamene mwini wake sangafike. Musanagulitse mbuzi kuti mupeze ya ulendo, yambani mwafunsa ku ofesi ya Procuradoria ya boma lathu, kapena ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza anthu osauka pa nkhani za malamulo. Afunseni njira yotumizira dandaulo lanu.

Kalata yabwino si yaitali. Iyankhe mafunso asanu.

Ndinu ndani, ndipo mumakhala kuti? Lembani dzina lonse, mudzi, ndi nambala ya foni imene ingapezeke.

Mukudandaula ofesi iti?

Chinachitika n'chiyani, ndipo liti? Lembani masiku motsatana, kuyambira loyamba.

Mwayesapo chiyani?

Mukufuna chiyani?

Pa funso lomalizali ambiri amaphonya. Amalemba mkwiyo wawo masamba atatu, koma osanena chimene akupempha. Mayi athuwa angolemba kuti: "Ndikupempha kuti ofesiyi indiyankhe molemba, ndipo ngati ndili ndi ufulu wolandira penshoni, andipatse kuyambira nthawi imene ndinayenera kuyamba kulandira." Basi. Aphatikizapo mafotokope. Mapepala enieni atsala kunyumba.

Musatukwane m'kalatamo, ndipo musalembe zimene mwangomva. Ngati mukuganiza kuti wina akufuna chiphuphu koma sananene, lembani zimene munaona ndi kumva nokha. Ngati anakupemphanidi ndalama, umenewo ndi mlandu wa ziphuphu, ndipo muyenera kukanenanso ku Procuradoria.

Purovedori amatani nalo dandaulo?

Poyamba, ogwira ntchito ake amaona ngati nkhaniyo ndi yawo. Ikakhala ya kwina, amakuuzani. Musakhumudwe, chifukwa kumeneko ndi kukulozerani njira.

Ikakhala yawo, amalembera ofesi imene mukuidandaula kuti ifotokoze mbali yake. Apa pali mphamvu yeniyeni. Malamulo Aakulu amanena kuti maofesi ndi ogwira ntchito za boma ayenera kuthandiza Purovedori akawapempha. Akhoza kuitanitsa mapepala, kufunsa anthu, ngakhale kupita kukaona yekha. Munthu wa pa windo uja akanatha kuwauza mayiwa kuti "mubwere mawa" mpaka kalekale. Koma kalata yochokera kwa Purovedori imafika pa tebulo la shefi, ndipo iyenera kuyankhidwa.

Nkhaniyi ikhoza kutha m'njira zitatu.

Njira yoyamba: ofesi ikangolandira kalata ija, yafufuza m'makabati, yapeza faelo ya mayiwa. Yapezeka kuti inangotsala siginecha imodzi. Asaina, faelo yayenda. Purovedori watseka nkhani chifukwa vuto latha.

Njira yachiwiri: Purovedori wapeza kuti ofesi sinalakwe. Mwina inatumiza uthenga woti pakusowa pepala lina, koma uthengawo sunafike. Apa awauza mayiwa zoona zake ndi chimene ayenera kukonza. Kumbukirani kuti iye si loya wanu. Amamva mbali zonse ziwiri.

Njira yachitatu: wapeza kuti ofesi inalakwadi, ndipo siikukonza. Apa amalemba chikalata chimene pa Chipwitikizi amati recomendação. M'chinenero chathu tinganene kuti langizo. M'langizomo amafotokoza zimene zinachitika, lamulo limene linaphwanyidwa, ndi zimene ofesi iyenera kuchita. Akhoza kunena kuti pempho la mayiwa liyankhidwe msanga. Akhoza kuwonjezera kuti ofesiyo ikonze kasungidwe ka mafaelo, kuti amasiye ena asadzavutike chimodzimodzi.

Langizo si lamulo

Apa ndi pa mtima pa nkhani yathu. Malamulo Aakulu amanena momveka kuti Purovedori amaunika nkhani popanda mphamvu yogamula. Chimene amatulutsa ndi malangizo opita kwa amene ali ndi mphamvu yokonza cholakwacho.

Tanthauzo lake ndi lotani kwa mayi athu aja? Purovedori sangasaine faelo yawo m'malo mwa shefi. Sangatsegule thumba la boma n'kuwapatsa ndalama. Sangafafanize chigamulo cha ofesi. Sangachotse munthu ntchito, sangamange munthu. Amene ayenera kuchita zinthuzo ndi ofesi yomwe ija, kapena akuluakulu ake.

Mwina mukuti, "Aa, ndiye phindu lake n'chiyani? Galu wopanda mano ameneyo!" Dikirani pang'ono.

Taganizirani za munthu wamkulu wa m'mudzi amene aliyense amamulemekeza. Alibe ndodo, alibe ndende. Koma akaimirira pa bwalo n'kunena kuti, "Iwe walakwa, bweza chimanga cha mwini," wolakwayo amavutika kukana, chifukwa mudzi wonse wamva. Mphamvu ya Purovedori ndi yamtundu umenewo, ndipo ili ndi miyendo itatu.

Mwendo woyamba ndi umboni. Langizo lake limabwera atafufuza, ndipo limatchula malamulo. Shefi wofuna kulikana ayenera kupeza zifukwa zake zomveka.

Mwendo wachiwiri ndi akuluakulu. Malamulo Aakulu amati akapeza zolakwa zazikulu, adziwitse Nyumba ya Malamulo, mkulu wa oimira boma pa milandu, ndi akuluakulu oyang'anira ofesiyo, n'kuwauza zoyenera kuchita. Nkhani imene inali yobisika m'kabati ya pa boma imafika m'makutu a anthu amene angathe kulanga shefi.

Mwendo wachitatu ndi manyazi. Lipoti lake la chaka ndi chaka limaperekedwa pamaso pa aphungu, ndipo atolankhani amakhalapo. Palibe mtsogoleri amene amakondwa kuti ofesi yake itchulidwe pa wailesi ngati yosamva.

Koma tisanamizane. Miyendo itatuyi siigwira nthawi zonse. A Purovedori eni ake akhala akudandaula ku Nyumba ya Malamulo kuti maofesi ena sayankha makalata awo ndipo satsata malangizo. Ofesi youma mutu ikhoza kungokhala chete. Zikatero, langizo lokha silingaike ndalama m'manja mwa mayi aja.

Khoti limachita mosiyana bwanji?

Tiyeni tiisinthe pang'ono nkhani ija. Tinene kuti ofesi yayankha, koma yankho lake ndi lakuti, "Pempho lanu lakanidwa. Mulibe ufulu wolandira penshoni." Yalemba pa pepala, yadinda chidindo. Mayiwa akukhulupirira kuti ofesi yawerenga lamulo molakwika.

Tsopano vuto si kuchedwa ayi. Pali chigamulo, ndipo chikufunika kufafanizidwa. Amene ali ndi mphamvu imeneyo ndi khoti loona milandu ya pakati pa anthu ndi boma. Pa Chipwitikizi limatchedwa Tribunal Administrativo. La chigawo chathu lili mumzinda wa Tete, ndipo lalikulu lili ku Maputo.

Khoti likagamula, mawu ake ndi lamulo. Malamulo Aakulu amati zigamulo za makhoti ziyenera kutsatidwa ndi aliyense, ndipo zimaposa zigamulo za akuluakulu ena onse. Khoti likanena kuti kukana kuja kunali kosemphana ndi lamulo, kukanako kwafafanizidwa. Shefi sangati, "Ndamva, ndiganizira." Akapanda kumvera, iye mwini akhoza kulowa m'mavuto ndi lamulo. Amene sanakhutire, kaya ndi mayiwa kaya ndi ofesi, njira yake ndi kuchita apilo ku khoti lalikulu.

Mphamvu imeneyi ili ndi mtengo wake. Ku khoti mapepala amalembedwa mwa dongosolo lake, ndipo kawirikawiri pamafunika munthu wodziwa malamulo. Pali ndalama zolipira, ngakhale kuti wosauka akhoza kupempha thandizo kudzera ku IPAJ. Milandu imatenga nthawi, mwina zaka. Ndipo ngakhale mutapambana, nthawi zina mumayenera kulondolabe kuti chigamulo chitsatidwe.

Palinso kusiyana kwina kofunika. Khoti limafunsa funso limodzi lalikulu: kodi lamulo laphwanyidwa? Purovedori amafunsa funso lomweli, koma amawonjezera lina: kodi munthuyu amuchitira chilungamo? Taganizirani ofesi imene imauza anthu a ku Domwe kuti abwere Lolemba, akabwera n'kuwauza kuti abwere Lachinayi, popanda kulemba pakhomo masiku enieni othandizira anthu. N'kovuta kutengera zimenezi kwa woweruza. Koma Purovedori akhoza kuziona, n'kulangiza kuti zisinthe.

Komanso khoti limadikira kuti wina abweretse mlandu, ndipo limaweruza za anthu amene ali pamaso pake. Purovedori akhoza kuyamba kufufuza yekha akamva kuti penapake zinthu sizili bwino, monga m'ndende modzaza anthu. Akaona kuti vuto lili m'lamulo lenilenilo, ali ndi ufulu wopempha Conselho Constitucional, bwalo loteteza Malamulo Aakulu, kuti liunike lamulolo. Taonani kuti ngakhale apa, iye amangopempha. Ogamula ndi oweruza.

Chenjerani ndi masiku

Akuluakulu amati mlandu suwola. Pa bwalo la m'mudzi ndi zoona. Koma pa khoti la milandu ya boma, mlandu umawola ndithu.

Lamulo limaika nthawi yoti munthu akatsutse chigamulo cha ofesi ku khoti. Pa nkhani zambiri, nthawiyo ndi masiku 90 kuchokera pamene mwadziwitsidwa. Ndi miyezi itatu yokha. Ndipo mvetsetsani ichi: kudandaula kwa Purovedori sikuimitsa masiku amenewa. Amapitirira kuwerengedwa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mayi aja alandira kalata yowakaniza pa 1 mwezi wachisanu ndi chimodzi, nthawi yokolola itangotha. Masiku 90 akutha kumapeto kwa mwezi wachisanu ndi chitatu. Iwo atumiza dandaulo kwa Purovedori, n'kukhala pansi kudikira. Yankho labwera mvula itayamba, ndipo ndi labwino: Purovedori wagwirizana nawo, walangiza ofesi kuti iganizenso. Koma ofesi yakana kusintha. Mayiwa athamangira ku Tete. Kumeneko akhoza kuuzidwa kuti nthawi inatha kale. Ali ndi langizo lowakomera m'manja, koma khomo la khoti latsekeka.

Akanatani? Tsiku limene analandira kalata yowakaniza, akanalemba tsikulo kumbuyo kwa kalatayo. Sabata yomweyo akanapita nayo ku IPAJ kukafunsa mafunso awiri: "Kodi ndili ndi masiku angati? Ndiyambire kuti?" Paja safunsa anadya phula. Funsani mafunso omwewa ngakhale ofesi itangokhala chete, chifukwa nthawi zina lamulo limawerenga kukhala chete kwa nthawi yaitali ngati kukana, ndipo khoti likhoza kulowererapo.

Zimene mumamva pa wailesi za ku Malawi

Ife a kuno tili pafupi ndi Dedza ndi Ntcheu, ndipo ambiri timamvera mawailesi a ku Malawi. Mwina munamvapo nkhani ya mathirakitala. Boma la Malawi linagula mathirakitala ndi ngongole yochokera ku India, kuti athandize alimi ang'onoang'ono. Ambiri mwa iwo anagulitsidwa motchipa kwa anthu ena. M'chaka cha 2016, Ombudsman wa kumeneko, mayi Martha Chizuma, anatulutsa lipoti lonena kuti ntchitoyi inayenda molakwika. Mwa zina, analamula kuti akuluakulu ena a boma apepese kwa anthu a dzikolo.

Boma silinavomere msanga. Nkhani inapita ku khoti, ndipo inakafika ku khoti lalikulu kwambiri la apilo. M'chaka cha 2019 khotilo linagwirizana ndi Ombudsman.

Nkhaniyi ikutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, dziko lililonse lili ndi malamulo ake. Ku Malawi, Malamulo Aakulu amalola Ombudsman kulamula kuti cholakwa chikonzedwe. Kwathu kuno, Purovedori amalangiza. Ndiye musatenge zimene mwamva pa wailesi ya tsidya lina n'kuyembekeza zomwezo kuno. Chachiwiri, ngakhale kumene Ombudsman ali ndi mphamvu zochulukirapo, mawu omaliza anachokera ku khoti. Amene anavundukula nkhani ndi Ombudsman. Amene anaikhomera msomali ndi oweruza.

Ndiye mugogode khomo liti?

Yang'anani chimene chili m'manja mwanu.

Ngati muli ndi fotokope ya pempho lanu koma mulibe yankho, ngati faelo yatayika, ngati akungokuzunguzani, yambani ndi kalata kwa mkulu wa ofesiyo. Zikakanika, pitani kwa Purovedori. Simulipira kanthu, ndipo nthawi zina funso lake lokha limayendetsa faelo.

Ngati muli ndi kalata yokukanizani, kapena yokulandani chinthu, ndipo mukufuna kuti ifafanizidwe, ganizirani za khoti msanga. Werengani masiku, pitani ku IPAJ. Musayembekeze kuti dandaulo la kwa Purovedori likusungirani malo ku khoti.

Ngati vuto ndi la anthu ambiri, monga mudzi wonse umene mapempho ake akungokhala pa ofesi imodzi, lembani dandaulo limodzi, aliyense asaine kapena adinde chala. Langizo limodzi likhoza kukonza njira ya onse.

Ndipo yankho lililonse likabwera, liwerengeni mofatsa, kapena pemphani wina akuwerengereni n'kukumasulirani. Yang'anani amene walemba. Ngati lachokera kwa Purovedori ndipo pali mawu akuti recomendação, ndi langizo. Ntchito sinathe. Tengani fotokope yake, pitani nayo ku ofesi ija, funsani mwaulemu kuti achita liti zimene zalembedwamo. Akapanda kuchita, lemberaninso Purovedori kumudziwitsa, chifukwa iye ali ku Maputo, sangaone zimene zikuchitika pa windo la kuno. Ngati lachokera ku khoti ndipo pali mawu akuti sentença kapena acórdão, ndi chigamulo. Funsani amene akukuthandizani ngati pali apilo, ndiponso kuti chiyamba kugwira ntchito liti.

Lero lomwe, pezani kope laling'ono la masamba ochepa. Nthawi iliyonse mukapita ku ofesi ya boma, lembanimo zinthu zitatu: tsiku, amene mwalankhula naye, ndi zimene wakuuzani. Mizere itatu basi. Tsiku lina mukadzafuna kudandaula, kaya kwa Purovedori kaya ku khoti, funso loyamba lidzakhala lakuti, "Zinachitika liti?" Inu mudzangotsegula kope lanu.